NDALAMA ZA M'BOKOSI NDI NDALAMA ZA PA MSIKA

Mau awa analankhulidwa pa msonkhano wa gulu lina losunga ndi kubwereketsana ndalama, limene limakumana pa sukulu ina ya pulaimale m'dziko la Mfumu Pembamoyo, m'boma la Vubwi. M'gululo muli aphunzitsi, akazi a aphunzitsi ndi alimi a m'midzi yoyandikana, onse pamodzi anthu 20. Mphunzitsi wina amene anapuma pa nchito anapempha kulowa m'gululo ndi kuika m'bokosi K50,000 ya penshoni yace nthawi imodzi. Ena anakondwera, ena anakana, ndipo ena anati ndalama zotere nzoyenera ku msika wa ku Lusaka. Potero anaitana mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina, amene wakhala akulemba mabuku a magulu otere zaka zambiri, kuti awaunikire. Mau ace asindikizidwa pano cifukwa nkhani yomweyi ikuvuta aphunzitsi ambiri ku Katete ndi ku Sinda, makamaka ciyambire 2023, pamene lamulo linalola anchito kutapako gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zao za ku NAPSA asanapume. Ziwerengero za gululo zaikidwa mozungulira bwino kuti masamu asavute.



Mlandu umene uli pakati panu lero uoneka ngati wa munthu mmodzi, koma ndi wa gulu lonse. Funso lace ndi ili: kodi ndalama zibala koposa m'bokosi la gulu kapena pa msika? Munthu sangayankhe bwino asanayambe wafunsa funso lina limene anthu ambiri amalilumpha, ndilo lakuti phindu limene munthu alandira licokera m'thumba la yani. Amene wadziwa yankho la funso laciwirili sadzavutika ndi loyambalo.

MALAMULO A BOKOSI

Kusonkherana ndalama si cinthu cacilendo kuno. Cilimba cinalipo kale, cimene anthu amasonkha mwezi ndi mwezi ndi kupatsa mmodzi, kufikira onse atalandira. Koma m'cilimba ndalama sizibala. Munthu amangolandira pamodzi zimene anapereka pang'onopang'ono. Njira ya bokosi, imene anthu amabwerekamo ndi kubweza ndi ciongoladzanja, inayambidwa ndi bungwe la CARE pakati pa amai a m'dziko la Niger m'caka ca 1991. Pambuyo pace a CRS, bungwe la Akatolika, anakonza njira yao yofanana nayo yochedwa SILC, ndipo kuno kum'mawa inafalitsidwa ndi a Caritas a Dayosizi ya Chipata pamodzi ndi mabungwe ena.

Amene anakonza njirazi anaika malamulo owerengeka. Gulu likhale la anthu odziwana, osapitirira 25 kapena 30. Bokosi likhale ndi maloko atatu, ndi makiyi ace asungidwe ndi anthu atatu osiyana. Ndalama ziwerengedwe poyera, onse akuona. Munthu asabwereke zoposa katatu zimene wasunga. Pakutha pa caka ndalama zonse zigawidwe, ndi gulu liyambenso. Ndipo pali lamulo lina limene ambiri amaliyesa lopanda pace, lakuti wosunga zambiri asapitirire kasanu zimene asunga wocepetsa. Lamulo limeneli ndilo lakhudzidwa ndi pempho la lero, ndipo cifukwa cace cioneka masamu akacitika.

PHINDU LA M'BOKOSI LICOKERA KUTI

Gulu lino liri ndi anthu 20. Yense asunga K100 pa mwezi, ndiye kuti K1,200 pa caka, ndipo onse pamodzi asunga K24,000. Wobwereka alipira ngwee 10 pa kwacha iri yonse mwezi uli wonse. Buku la a Mlembi lisonyeza kuti caka catha ciongoladzanja conse cinakwana K7,200. Pogawa, yense analandira K1,200 yace ndi K360 pamwamba pace. Ndiye kuti kwacha iri yonse inabala ngwee 30. Palibe banki imene ipatsa wosunga zotere, ndipo m'pomveka kuti anthu anabwerera kwao akuyimba.

Koma K7,200 imeneyo siinagwe kumwamba. Inaturuka m'matumba a anthu 20 omwewo. Taonani amai awiri a m'gulu lino. Woyamba sanabwereke konse caka conse. Iye analandira K360 yoonjezera, ndipo imeneyo ndi phindu lenileni kwa iye. Waciwiri anabwereka K1,000 kawiri, nthawi iri yonse kwa miyezi itatu. Analipira K100 pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiyo K600. Tsiku logawa nayenso analandira K360. Kunena zoona, bokosi linamtengera K240 ndi kuipereka kwa anzace.

Kodi mai waciwiriyu anapusa? Yankho liri pa cimene anacita ndi K1,000 ija. Ngati anagula mbeu ndi mankhwala a ku dimba, nakolola tomato wa K2,500, ndiye kuti iye ndiye anabweretsa cuma catsopano m'gulu, ndipo K240 ija inali mtengo wocepa wa thandizo limene sakadalipeza kwina. Koma ngati anagulira citenje ndi ndiwo, gulu silinalemere ndi ngwee imodzi yomwe. Ndalama zinangocoka m'nyumba ina kulowa m'nyumba ina. Munthu akatsanulira madzi a mu mtsuko uwu mu mtsuko uwo, madzi a m'nyumba saculuka. Aculuka pokha-pokha wina akapita ku citsime.

Cotero bokosi silibala ndalama. Zibala ndi madimba, mbuzi, nkhuku, zitumbuwa za pa sukulu ndi malonda a pa msika wa Vubwi. Phindu la gulu silingakule kuposa malonda amene mamembala ace angathe kucita. Apa ndipo pali malire a bokosi, ndipo buku la a Mlembi liwasonyeza poyera. Kuti ciongoladzanja cikwane K7,200 pa caka, ndiye kuti mwezi uli wonse kunja kunali ngongole za pafupifupi K6,000 basi. Miyezi yoyamba ndalama zinali kucepa ndipo obwereka anali kulimbirana. Koma kuyambira pakati pa caka bokosi linali kutsekedwa muli ndalama zogona, zopanda wozifuna.

K50,000 IKALOWA M'BOKOSI

Tsopano bwerani ndi K50,000 ya aphunzitsi opumawa. Iwo amva kuti kwacha ibala ngwee 30, ndipo awerengera kuti pakutha pa caka adzatenga K15,000 ya phindu. Masamu ao ngolondola, koma maziko ace ngolakwa, pakuti kubwera kwa ndalama zao sikuonjeza madimba kapena ogula tomato. Obwereka ndi omwe aja, ndipo zosowa zao ndi zomwe zija.

Ngati ngongole zikhala monga caka catha, ciongoladzanja cidzakhalanso K7,200. Koma tsopano cidzagawidwa pa K74,000, osati pa K24,000, ndipo kwacha iri yonse idzabala ngwee zosakwana 10. Aphunzitsiwa, pokhala ndi gawo lalikulu, adzatenga pafupifupi K4,865. Anthu 20 aja adzagawana K2,335 yotsala, yense K117 m'malo mwa K360. Mai wa tomato uja adzalipirabe K600 yace, koma zambiri mwa izo zidzapita kwa munthu mmodzi amene sanabwereke. Aphunzitsi adzadandaula kuti alandira zocepa, ndipo anzao adzadandaula kuti alandidwa. Palibe adzabwerera kwao akuyimba.

Gulu likaona zotere limagwa m'mayesero, ndipo magulu ambiri anafera pomwepa. Yesero loyamba ndilo kukakamiza kuti membala ali yense abwereke, afune asafune, kapena alipire ciongoladzanja pa ndalama zimene sanatenge. Kuti K74,000 ibale ngwee 30 pa kwacha, pafunika ciongoladzanja ca K22,200. Mukacigawa pa anthu 20, yense ayenera kulipira K1,110 pa caka, pamene iye mwini asunga K1,200. Palibe dimba ku Vubwi limene lingasenze katundu wotere pa nyumba iri yonse. Munthu wokakamizidwa kubwereka amadya ndalamazo, ndipo tsiku lobweza amabwereka ku gulu lina kuti atseke dzenje la kuno.

Yesero laciwiri ndilo kubwereketsa anthu akunja, kapena kulola membala kubwerekera mlamu wace wa ku Chadiza kapena mnzace wa tsidya la malire. Pamenepo mphamvu yeniyeni ya gulu yatha. Gulu liribe apolisi, liribe cikole, ndipo Banki Yaikulu ya Zambia siliyang'anira magulu otere monga iyang'anira mabanki. Cimene cimabweza ngongole ndi manyazi a munthu pamaso pa anansi ace amene adzakumana nao ku citsime, ku chalichi ndi ku maliro. Mlendo alibe manyazi amenewo.

Zizindikiro zakuti gulu layamba kudwala nzosabisika. Munthu alipira ciongoladzanja cokha mwezi ndi mwezi osabweza mutu wa ngongole. Wina abweza lero ndi kubwerekanso zomwezo tsiku lomwelo. Ngongole zambiri ziri pa anthu awiri kapena atatu. A Mlembi awerenga ndalama zambiri m'buku, koma a Msungicuma awerenga zocepa pa mphasa. Ndipo tsiku logawa likayandikira, akulu a gulu ayamba kunena kuti lisunthidwe. Gulu loona ziwiri mwa izi liime kubwereketsa, liyambe latolera.

CAKA CA CILALA

Pali cofooka cina ca bokosi cimene sicidalira khalidwe la munthu ali yense. Mamembala onse amalima pansi pa mtambo umodzi. Mvula ya 2023 kulowa 2024 inadula pakati pa dzinja, cimanga cinapserera m'madera ambiri a dziko lino, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. M'caka cotere onse afuna kubwereka nthawi imodzi, wosunga acepa, ndipo wobweza asowa. Ngakhale mphunzitsi wa malipiro a pa mwezi sapulumuka, pakuti ndalama zace ziri m'manja mwa alimi amene nkhokwe zao ziri zopanda kanthu. Thumba la cithandizo limakwanira maliro amodzi kapena matenda a nyumba imodzi. Silingakwanire njala ya mudzi wonse. Munthu amene waika cuma cace conse m'bokosi wafanana ndi wosunga mbeu ndi cakudya m'nkhokwe imodzi: moto umodzi umaliza zonse.

KUBWEREKA BOMA

Tsopano za msika. Mau akuti msika pano satanthauza pogulitsira nyemba, koma malo ku Lusaka kumene Boma ndi makampani amafuna ndalama kwa anthu. Njira zace zazikulu ndi ziwiri, ndipo nzosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndiyo kubwereka Boma. Banki Yaikulu ya Zambia imagulitsa m'malo mwa Boma makalata a ngongole a mitundu iwiri. A nthawi yaifupi, amene a ku banki amawacha matrezhari bilu, amakhwima pa masiku 91, 182, 273 kapena 364. A nthawi yaitali, ochedwa mabondi, ndi a zaka ziwiri, zitatu, zisanu, kufikira 15, ndipo amalipira ciongoladzanja miyezi isanu ndi umodzi iri yonse. Munthu wamba angathe kuyamba ndi K1,000. Afunika citupa cace, nambala ya msonkho ya TPIN yocokera ku ZRA, ndi akaunti ku banki, kumene ndalama zimacokera ndi kumene zimabwerera. Amalembetsa kupyolera ku banki yace kapena ku Banki Yaikulu.

Kalata ya nthawi yaifupi imagulidwa pa mtengo wocepera pa umene walembedwapo. Tiyerekeze kuti pa tsiku logulitsa mtengo wa kalata ya masiku 364 uli ngwee 90 pa kwacha. Uwu ndi mtengo wa citsanzo cabe, pakuti weniweni umasintha pa kugulitsa kuli konse, ndipo munthu ayenera kuufunsa asanagule. Aphunzitsi opumawa akapereka K45,000, pakutha pa masiku 364 Boma lidzawabwezera K50,000. Phindu ndi K5,000, ndipo pa iyo pamacotsedwa msonkho ndi kandalama ka nchito asanalandire.

Taonani kuti phinduli silisiyana kwambiri ndi K4,865 ija ya m'bokosi. Koma kusiyana kwace kwakukulu nkwakuti silinaturuke m'thumba la mai wa tomato. Lacokera ku misonkho ya dziko lonse, ku migodi ya kumpoto ndi ku masitolo a ku Lusaka. Ndi madzi ocokera ku citsime cina. Mvula ikakana ku Vubwi, kalatayo ikhwimabe pa tsiku lace. Ndiponso msika umenewu sudzaza monga bokosi: munthu akabwera ndi K50,000 kapena K500,000, sacepetsa gawo la mnansi wace.

Zoopsa zace ziripo, ndipo ziyenera kunenedwa. Coyamba, ndalama zimamangika. Mwana akadwala usiku, kalata ya Boma siingathandize m'mawa mwace. Kuigulitsa isanakhwime nkotheka, koma kumatenga masiku ndipo munthu amatayapo. Caciwiri ndi kukwera kwa mitengo. Pakati pa caka ca 2021 mitengo ya zinthu m'Zambia inali itakwera ndi 24.6 pa 100 poyerekeza ndi caka capitaco. M'nthawi yotere munthu amene ndalama zace zabala ngwee 11 pa kwacha ali ndi makwacha ambiri, koma agula nao matumba ocepa a fataleza. Phindu liyenera kuyesedwa ndi mtengo wa thumba, osati ndi kuculuka kwa mapepala. Cacitatu, Boma nalonso limapunthwa. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ena mwa amene inawakongola kunja. Eni makalata a kwacha a m'dziko muno anapitirira kulipidwa, koma cocitikaco ciphunzitsa kuti palibe wokongola amene sangagwe konse. Cacinai ndi mtunda. Kwa munthu wa K1,000, phindu la caka lingathe kuthera pa ulendo umodzi wa ku Chipata ndi kubwerako. Njira imeneyi iyamba kupindulitsa pamene ndalama zakula.

KUGULA GAWO LA KAMPANI

Njira yaciwiri ndiyo masheya. Msika wa masheya wa ku Lusaka, wochedwa LuSE, unayamba nchito m'caka ca 1994. Kumeneko kumagulitsidwa magawo a makampani amene katundu wao anthu a kuno amamdziwa: kampani ya shuga ya ku Nakambala, ya simenti ya ku Chilanga, banki ya Zanaco, a Zambeef ndi ena. Wogula sheya sabwereka kampani. Asanduka mmodzi wa eni ace. Sagula yekha, koma kupyolera mwa mkhalapakati wa cilolezo ca bungwe la Boma loyang'anira misika imeneyi, lochedwa SEC, ndipo mkhalapakatiyo amadulapo zace pogula ndi pogulitsa pomwe.

Mwini sheya amapindula m'njira ziwiri. Kampani ikapeza phindu, akulu ace angathe kugawira eni masheya gawo lina. Koma palibe lonjezo, ndipo caka coipa sagawa kanthu. Ndiponso mtengo wa sheya ungathe kukwera. Koma cimene cikwera cimatsikanso. Tiyerekeze mphunzitsi wagula masheya 1,000 pa K5 imodzi, napereka K5,000. Mu Januwale mwana wace afunika ndalama za ku koleji, ndipo mtengo watsika kufika K3.50. Akagulitsa alandira K3,500, ndipo K1,500 yapita osabweranso. Mnzace amene sanali pa cangu, nadikira zaka zinai kufikira mtengo utafika K8, agulitsa masheya omwewo pa K8,000. Kampani ndi imodzi, masheya ndi amodzi. Cosiyana ndi cakuti wina anaika ndalama zimene anali kuzifuna msanga. Ndiponso palibe amene angalonjeze kuti mtengo wotsika udzakweranso, pakuti makampani ena amafooka osadzukanso. Cina cimene anthu saciyembekeza ndi ici: msika wa ku Lusaka ndi waung'ono, ndipo masheya a makampani ena amakhala masiku osapeza wogula.

Alimi a kuno adziwa kale khalidwe la msika. Amene analima soya wambiri ataona mtengo wabwino wa 2022 akumbukira m'mene mtengowo unagwera m'caka ca 2023. Wokakamizika kugulitsa pa nthawi yokolola analira. Wokhala ndi pogwira pena anasunga matumba ace. Masheya ali cimodzimodzi. Ayenera ndalama zimene mwini wace angathe kuziiwala zaka zisanu, ndipo zisaikidwe pa kampani imodzi.

Pali anthu ena amene amayenda m'masukulu, kapena kutumiza mauthenga pa lamya, akunena kuti aika ndalama za anthu pa msika ndipo zidzabala theka mwezi uli wonse. Umenewo si msika. Zizindikiro zao ndi zitatu: alonjeza phindu lalikulu losasintha, apatsa mphotho wobweretsa anzace, ndipo sangasonyeze cilolezo ca SEC kapena ca Banki Yaikulu. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, kufikira tsiku limene ofesi ipezeka yotseka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Msika weniweni sulonjeza kanthu pa masheya, ndipo pa makalata a Boma ulonjeza zocepa.

NDALAMA IRI YONSE KU MALO ACE

Tsono funso lija, lakuti ndalama zibala koposa kuti, layankhika motere. Pa ndalama zazing'ono, bokosi liposa msika. Limalandira K100 imene banki ya kutali siingaitsate. Limabwereketsa tsiku lomwelo popanda cikole. Limagawa mu Okutobala, pamene fataleza ndi mbeu zifunika. Ndipo limakakamiza munthu kusunga, pakuti anzace amamuona akabwera cimanjamanja. Msika sucita ciri conse ca izi, ndipo subwera ku maliro. Koma bokosi liri ndi pakamwa pang'ono. Limatha kugwiritsa nchito ndalama zolingana ndi malonda a mudzi, ndipo zoposa pamenepo zimaliphulitsa.

Munthu asanaike ndalama pena pali ponse adzifunse mafunso atatu. Kodi ndalamazi zidzafunika liti? Kodi phindu lace adzalipira ndani, ndipo iyeyo adzazipeza kuti? Kodi zikatayika, nyumba idzagona ndi njala? Ndalama zofunika caka cisanathe zikhale m'bokosi kapena pafupi. Ndalama zazikulu zimene siziyenera kutayika, monga penshoni, zipite ku makalata a Boma, ndipo nkwanzeru kuzigawa kuti zina zikhwime pa miyezi itatu, zina pa caka, kuti mwini wace asamangike manja onse. Masheya alandire zotsala zokha.

Ena afunsa ngati gulu lenileni lingagule makalata a Boma ndi ndalama zogona za kumapeto kwa caka. Nzotheka pokha-pokha gulu litalembetsedwa mwa lamulo ndi kukhala ndi akaunti m'dzina lace, ya osaina atatu. Kupanda apo ndalama za onse zidzalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo iye akamwalira zidzalowa m'cuma ca masiye ca banja lace. Kwa gulu laling'ono ngati lino, njira yabwino ndi yakuti ligawe monga mwa nthawi zonse, ndipo ali yense amene gawo lace lakula apite nalo yekha ku banki.

Kunena za aphunzitsi opumawa, gulu lisawakane, pakuti munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera ndi dalitso pa mphasa. Liwalandire monga membala wa 21, asunge K100 pa mwezi monga anzao, kapena kufikira K500 imene lamulo la kasanu lilola ngati gulu livomera. K45,000 ipite kukabwereka Boma, ndipo yotsalayo ikhale pafupi, ya mankhwala ndi ya zadzidzidzi. Akacita cotero adzadya phindu la kunja popanda kudyera anansi ao, ndipo caka camawa adzakhalabe pa mtendere ndi anthu amene adzawanyamula tsiku lao likadzafika.

Lamulo la kasanu lisasinthidwe lero cifukwa ca ulemu wa munthu mmodzi, pakuti mawa adzabwera wina wa K100,000, ndipo simudzakhala ndi mau omkanira. A Mlembi awerenge lamulolo mokweza, onse alimve, ndipo pambuyo pace gulu liponye mavoti.